Dola yakwera, nanga matumba ndi angati?

Mmalawi aliyense amene anakhalako ku Joni amalidziwa funso la kumapeto kwa mwezi: "Reti ili pa bwanji lero?" Funsoli limamveka m'makhitchini a malo odyera, m'minda ya maluwa ya mabwana, pokwerera takisi, ngakhale pamaliro. Yankho lake ndi limene limagamula ngati ndalama inyamuke lero kupita kumudzi kapena igonenso m'thumba mpaka Lachisanu.

Ine ndinafunsa funsoli kwa zaka pafupifupi zinayi ku Cape Town, kuchokera mu 2021 mpaka kumayambiriro kwa 2025, ndisanabwere kudzayamba maphunziro kuno. Ndinayamba ndi kutsuka mbale, kenako anandikweza kukhala wophika. Ndalama zanga zinkapita kwa amayi ku Bembeke, kumene timalima kachewere, chimanga, nyemba ndi kabichi pang'ono kudimba. Ndinali ndi kope limene ndinkalembamo zinthu zinayi nthawi iliyonse ndikatumiza: tsiku, marandi amene atuluka m'thumba mwanga, makwacha amene afika m'manja mwa amayi, ndi chimene makwachawo agula. Gawo lachinayili amayi ndi amene anandiuza kuti ndiziliwonjezera. "Mwananga, makwachawo sindithira m'munda," anatero tsiku lina pafoni. "Uzindifunsa matumba."

Kope limeneli linandiphunzitsa kuti tsiku labwino lotumizira ndalama silipezeka pongoyang'ana mtengo wa dola. Limapezeka ukadziwa chimene ndalamayo ikukachita, ndi masiku amene idzakhale ili makwacha isanachite chimenecho. Ambiri mwa ife pano timalipiriridwa fizi ndi abale amene ali kunja, ndipo ena tidzapitako tokha. N'chifukwa chake ndati ndifotokoze mmene masamu ake amayendera.

Choyamba n'kudziwa kuti ndi dola iti imene munthu akuyiyang'ana. Randi sipita ku Dedza molunjika. Mtengo wake m'makwacha umawerengedwa kudzera ku dola ya ku America, ndipo ulendowu uli ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndi wa marandi amene amagula dola imodzi, umene pafoni umalembedwa USD/ZAR. Wachiwiri ndi wa makwacha amene dola imodzi imagula, USD/MWK. Ukafuna kudziwa mtengo wa randi imodzi, umagawa nambala yachiwiriyo ndi yoyamba. Ngati dola ili pa K1,700 kwathu, ndipo ili pa R18.50 ku Joni, ndiye kuti randi imodzi ndi pafupifupi K92.

Pamenepa m'pamene mawu akuti "dola yakwera" amasokoneza anthu. Ikakwera ku Lilongwe, wotumiza amasekerera, chifukwa dola iliyonse ibala makwacha ambiri. Ikakwera ku Joni, munthu wolandira marandi amalira, chifukwa malipiro ake agula madola ochepa. Mawu ndi amodzimodzi koma nkhani ndi ziwiri zotsutsana. Amene amalandira malipiro m'madola, monga abale athu a ku America, mwendo woyambawu suwakhudza. A ku Joni ndi a ku Mangalande umawakhudza tsiku ndi tsiku.

Miyendo iwiriyi siyenda mofanana. Randi imagulitsidwa pamsika wa dziko lonse, ndipo mtengo wake umasuntha mphindi iliyonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu usiku. Kwacha siyenda choncho. Banki yathu yaikulu, Reserve Bank of Malawi, imaigwira pamalo amodzi kwa miyezi yambiri, kenako n'kuitaya tsiku limodzi. Inatero mu Meyi 2012, pamene dola inachoka cha m'ma K167 kufika pa K250. Inateronso pa 27 Meyi 2022, pamene inachoka cha m'ma K820 n'kudutsa K1,000, komanso pa 9 Novembala 2023. Ndiye munthu wa ku Joni amene amatsegula foni m'mawa uliwonse, masiku ambiri chimene amaona chikusuntha ndi randi. Kwacha imakhala ili duu.

Nanga kusuntha kwa tsiku ndi tsiku kumeneku kumapindulitsa zingati? Titenge R3,700, ndalama imene ine ndinkatumiza pa nyengo ya feteleza. Dola ikakhala pa R18.50, ndalama imeneyi ndi madola 200. Tinene kuti wadikira masiku atatu, randi yalimba, dola yatsika kufika pa R18.30. Tsopano uli ndi madola 202 ndi masenti pang'ono. Pa K1,700, phindu la kudikirako ndi pafupifupi K3,700. Si ndalama yoti n'kuinyoza, imagula sopo ndi mchere. Koma mmene randi ingalimbire ndi mmenenso ingafowokere, ndipo palibe aliyense m'khitchini muja amene ankadziwa mbali imene igwere mawa.

Nthawi zina imasuntha kwambiri. Pa 11 Meyi 2023, kazembe wa dziko la America ku South Africa, a Reuben Brigety, ananena poyera kuti sitima ya ku Russia yotchedwa Lady R inanyamula zida padoko la Simon's Town, kufupi ndi kumene tinkakhala. Randi inagwa, ndipo pofika kumayambiriro kwa Juni dola inatsala pang'ono kukwana R20. Kumapeto kwa Julayi inali itabwerera cha m'ma R17.60. R3,700 ija inali madola 186 mu Juni, koma madola 210 mu Julayi. Kusiyana kwake kunaposa K24,000 pa reti ya nthawi imeneyo. Amene anali ndi ndalama yopanda tsiku, monga youmbitsira njerwa, anachita bwino kudekha milungu isanu ndi iwiriyo. Amene mwana wake anali m'chipatala analibe mwayi wosankha.

Pali kusiyana kwina kumene sikufuna ulosi, ndipo kumakhalapo tsiku lililonse: kusiyana kwa makampani otumizira ndalama. A Malawi a ku Joni amatumiza kudzera ku Mukuru, Hello Paisa, Mama Money, Western Union ndi ena, ndipo kumudzi ndalama imalandiridwa pakauntala kapena imalowa mu Airtel Money ndi TNM Mpamba. Nambala imene imaoneka ukafufuza pa intaneti ndi ya pakati, pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira, ndipo palibe amene amalandira imeneyo. Kampani iliyonse imaika reti yakeyake, n'kudulanso ndalama yotumizira. Imadya mbali ziwiri, ndipo mbali imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ndi imodzi yokha.

Tiyerekeze makampani awiri pa tsiku limodzi, iwe uli ndi R3,700 m'manja. Yoyamba ikudula R185 ndipo ikupereka K90 pa randi. Zotsala ndi R3,515, zimene zikufika kumudzi zili K316,350. Yachiwiri ikudula R60 yokha koma ikupereka K85 pa randi. Zotsala ndi R3,640, zimene zikufika zili K309,400. Yooneka yotchipa ija yakudya pafupifupi K7,000, kuwirikiza kawiri phindu la masiku atatu odikira aja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira yodziwira ndi imodzi: lemba ndalama yofanana m'makampani awiri kapena atatu pa ola limodzi, usanavomereze kulipira, ndipo uyang'ane mzere womaliza wonena zimene wolandira alandire. Kenako chotsapo zodula za ejenti potapa ndalama, komanso thiransipoti ya wolandirayo ngati afunika kukwera kupita ku boma. Nambala yotsalayo ndiyo reti yako yeniyeni.

Zonsezi ndi zazing'ono poyerekeza ndi zimene zinachitika mu Novembala 2023. M'nyumba imene tinkachita lendi tinalimo anyamata atatu a ku Dedza: ine, wina wa ku Mayani, ndi wina wa ku Lobi. Malipiro athu ankafanana, ndipo zimene tinkatumiza sizinkasiyana kwenikweni. Kuti nkhani imveke ndiika R3,700 kwa aliyense, ndiwerengera pa mtengo wa banki yaikulu, ndipo zodula za makampani ndizisiya pambali.

Ine ndi wa ku Mayani tinatumiza sabata yoyamba ya mweziwo, dola ili pa K1,180. Madola 200 anafika ali K236,000. Amayi anali atafunsiratu mtengo pasitolo ina ya zipangizo za ulimi, ndipo tsiku lotsatira anapita ndi mlongo wanga kukagula. Thumba la makilogalamu 50 linali cha m'ma K70,000. Anatenga matumba atatu, n'kutsala ndi K26,000 ya aganyu okwezera mizere. Akazi a mnzanga uja anasiya ndalama yawo mufoni. Chifukwa chawo chinali chomveka: mvula inali isanayambe, nyumba yawo inkadontha, ndipo ankaopa kuti feteleza aundana kapena abedwa.

Lachitatu pa 8 Novembala, banki yaikulu, pansi pa gavanala wake wa nthawiyo a Wilson Banda, inalengeza kuti kuyambira m'mawa mwake dola igulitsidwa pa K1,700. Ndiko kukwera kwa 44 pa 100 kumene aliyense akukukumbukira. Usiku umenewo mafoni sanagone. Wa ku Lobi, amene abwana ake anachedwa kumulipira, anatumiza Lachisanu pa 10, ndipo madola 200 omwewo anafika ali K340,000. Kusiyana ndi ife kunali K104,000 pa sabata imodzi. Anzathu ankatiseka kuti tinapupuluma. "Aise, ukanangogwira masiku asanu ndi awiri okha," ankatero.

Koma tiyeni tiwerenge matumba. Feteleza salimidwa ku Dedza. Amagulidwa kunja ndi madola, n'kudzera pamadoko monga a Beira ndi Nacala, n'kunyamulidwa ndi magalimoto oyendera dizilo amenenso amagulidwa ndi madola. Sabata yomweyo petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, dizilo pa K1,920 kufika pa K2,734. Masitolo ena anatseka kaye kuti asinthe mitengo. Pasanathe milungu yambiri, thumba limene amayi anagula K70,000 linali cha m'ma K100,000 pasitolo yomweyo. Ukagawa mitengo iwiriyi ndi reti ya nthawi yake, upeza kuti thumbalo silinasunthe: linali pafupifupi madola 60 kale, linali pafupifupi madola 60 pambuyo pake.

Choncho K340,000 ya mnzathu wa ku Lobi ikanapita ku feteleza, ikanagula matumba atatu, chimodzimodzi K236,000 yanga. Makwacha anachuluka, matumba ayi. Iye anapinduladi, koma pa chifukwa china. Ndalama yake inali ya fizi ya mng'ono wake wa ku sekondale, lendi ya munda, ndi ngongole ya kubanki mkhonde. Zonsezi zinali zitagwirizanidwa kale m'makwacha ndipo sizinasinthe sabata imeneyo. Analipira zonse n'kutsala ndi ndalama yogulira mbuzi.

Amene anapsa ndi wa ku Mayani. Anatumiza pa reti yakale, n'kukagula pa mtengo watsopano. K236,000 imene ikanagula matumba atatu inagula awiri, n'kutsala K36,000 yosakwana ngakhale theka la thumba. Thumba lathunthu linasungunukira mufoni popanda wakuba aliyense. Chaka chimenecho anachepetsa munda wa kachewere.

Anthu atatu, ndalama yofanana, zotsatira zitatu. Tsiku lotumizira palokha silinagamule kanthu, chifukwa awiri tinatumiza tsiku limodzi. Chinagamula ndi mtundu wa chinthu chogulidwacho, komanso mpata wa pakati pa kulandira ndi kugula. Kuyambira pamenepo ndinkagawa zofunika za kumudzi m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene mtengo wake umatsatira dola: feteleza wa m'sitolo, mankhwala opopera, malata, simenti, mafuta ophikira, zipangizo za njinga yamoto. Pa zimenezi kudikira kuti kwacha igwe kulibe phindu, ndipo kusunga makwacha n'koopsa. Ndalama ifike lero, katundu agulidwe mawa. Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene mtengo wake unamangidwa m'makwacha kwa kanthawi: fizi ya teremu, lendi ya munda, ngongole, malipiro a mmisiri amene mwapangana kale, ndi K15,000 imene opindula ndi pulogalamu ya AIP ankalipira pa thumba nyengo imeneyo. Pa zimenezi munthu akhoza kusunga marandi kapena madola ake mpaka tsiku lolipira litayandikira.

Kodi kugwa kwa pa 9 Novembala kukanadziwika? Tsiku lake ayi, koma zizindikiro zinalipo. Mtengo wa dola kwa osintha ndalama a mumsewu unali utatalikirana kwambiri ndi wa kubanki. Mizere ya magalimoto pamalo omwetsera mafuta inali yosatha. Amalonda ankadandaula kuti mabanki alibe madola oti awagulitse. Boma linali pa zokambirana ndi bungwe la IMF, limene pakati pa mwezi womwewo linavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni. Zinthu zinayi zimenezi zikakumana, munthu wanzeru salola makwacha ambiri kugona mufoni.

Komabe zizindikiro si kalendala, ndipo chaka chotsatira chinatiphunzitsa zimenezi. Mu Malichi 2024 dola inakwezedwa pang'ono kufika pa K1,751 pogulitsa, n'kuima pomwepo. Mtengo umene mabanki ankagulira dola, umene ndi wokhudza kwambiri wotumiza, unali cha m'ma K1,717. Miyezi inadutsa nambalazi osasuntha. Mizere ya mafuta inabweranso, mtengo wa mumsewu unapitiriza kukwera, ndipo pofika Okutobala mauthenga ankazungulira m'mafoni akuti kwacha igwanso Lolemba likubwerali. Mnzathu wa ku Mayani, pokumbukira thumba lake lija, anaganiza zogwira ndalama. Anadikira Okutobala yense, n'kudikiranso Novembala yense. Lolemba lililonse linkafika n'kupita.

Kudikira kwa mtundu umenewu kuli ndi mtengo umene suoneka pafoni. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 pachaka, kutanthauza kupitirira 2 pa 100 mwezi uliwonse. Reti ikaima pamene mitengo ikuyenda, marandi omwewo amabala makwacha omwewo, koma makwachawo amagula zochepa mwezi ndi mwezi. Pa K340,000, mwezi umodzi wodikira unkadya ndalama yoposa K7,000. Amalonda ambiri ankapeza madola awo kumsika wamseri, ndipo mitengo ya m'sitolo inkatsatira kumeneko, osati nambala ya kubanki. Mnzathuyo anatumiza mu Disembala, reti ili pomwe inali mu Okutobala, feteleza atakwera, chimanga chitamera kale. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Anatsatira phunziro la chaka chatha pa chaka chimene chinali ndi khalidwe lina.

Sindingalembe za reti osatchula msika wamseri, chifukwa aliyense amene ali kunja amakumana nawo. Kumayambiriro kwa 2025 nyuzipepala zinkalemba kuti dola yadutsa K4,000 mumsewu, pamene kubanki inali pa K1,751. Ku Joni zimayenda chonchi: umapereka marandi kwa munthu wina kumeneko, mnzake wa ku Lilongwe kapena pachipata cha Dedza n'kuponya makwacha mufoni ya amayi ako. Marandiwo amagulira katundu wa amalonda, ndipo palibe ndalama imene imawoloka malire. Kusiyana kwake n'kwakukulu moti munthu amene amatsuka mbale maola khumi patsiku sungamuuze kuti sakuona. Ine ndinkaona, ndipo zinkandipweteka.

Zimene ndinkaziika pasikelo ndi izi. Malamulo a dziko lathu salola kusinthitsa ndalama zakunja kwa munthu wopanda chilolezo, ndipo apolisi amagwira anthu pa mlandu umenewu. Palibe lisiti, choncho zikavuta palibe kokadandaula. Mayi wina amene tinkagwira naye ntchito anapereka malipiro a miyezi iwiri kwa munthu amene anali atamutumizira bwinobwino kanayi konse. Ulendo wachisanu foni inangoti sikupezeka. Akuba a mtundu umenewu amayamba ndi kukhulupirika pa ndalama zazing'ono, ndipo chizindikiro chawo ndi reti yoposa ya wina aliyense pamodzi ndi kukufulumizitsa kuti upereke lero. Palinso nkhani ya chikumbumtima, imene aliyense amaidziwa yekha. Ine ndinakhalabe m'njira ya lisiti, n'kumachepetsa kuluza mwa kuyerekeza makampani ndi kugula msanga. Zinthu zina, monga nsapato za sukulu, mabulangete ndi kasola kounikira, ndinkagula konko n'kutumiza pa basi, chifukwa mtengo wake kumudzi unkatsatira dola ya mumsewu.

Pamapeto pake, amene ankasankha tsiku lenileni ndi munda. Ku mapiri a Dedza mvula yobzalira imagwa cha kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Feteleza wokulitsa amafunika pobzala kapena chimanga chikangomera, ndipo wobereketsa amatsatira pakatha milungu itatu kapena inayi. Ukachedwa, masamba amachita chikasu kuyambira m'munsi, ndipo ngakhale uthire pambuyo pake, zimene zatayika sizibwerera zonse. Kachewere ndiye salola n'komwe. Kukachita nkhungu ndi mvula yamawawa masiku angapo, monga zimakhalira ku Bembeke mu Januwale ndi Febuluwale, chiwawu chimalowa. Chimayamba ndi madontho akuda m'mphepete mwa masamba, kunsi kwake kuli tinthu toyera ngati nkhungu, ndipo pa sabata imodzi kapena ziwiri munda wonse umaoneka ngati wapsa ndi moto. Mankhwala ake ambiri ndi oteteza, amagwira bwino ntchito akapoperedwa matenda asanafalikire. Amayi akaimba kuti, "Kwachita nkhungu masiku atatu, mankhwala atha," funso la reti linkathera pomwepo. Palibe amene amaika munda wonse pachiswe chifukwa cha K3,700.

Choncho ndondomeko yanga inakhala yotere. Mu Ogasiti, pamene anthu ambiri sanayambe kulimbirana feteleza, ndinkakhala pafoni ndi amayi n'kulemba zofunika za nyengo yonse, chilichonse ndi tsiku lake lomaliza. Za gulu lotsatira dola tinkagula msanga, pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, n'kuzisanja pamatabwa m'chipinda chouma kuti zisakhudze pansi. Ndisanatumize, mlongo wanga ankayamba wapita kusitolo kukaona kuti katundu alipo ndiponso mtengo wake ndi wotani tsiku limenelo. Akanditumizira mtengo, ine ndinkayerekeza makampani, n'kutumiza. Za gulu lomangidwa m'makwacha ndinkazipatsa mpata wa sabata ziwiri tsiku lolipira lisanafike. M'kati mwa sabata ziwirizo ndinkayang'ana randi kamodzi patsiku. Ikalimba kuposa mmene inayambira, ndinkatumiza osayembekezera kuti ilimbenso. Ikapanda kutero, ndinkatumizabe kutatsala masiku atatu. Ndalama ikakhala yambiri ndipo ilibe tsiku, ndinkaigawa pawiri, theka mwezi uno, theka mwezi wamawa, nditaonetsetsa kuti zodula za maulendo awiriwo sizikuposa za ulendo umodzi.

Tsiku la sabata nalonso lili ndi mbali yake. Misika ya ndalama imatseka Lachisanu usiku, choncho nambala imene umaona kumapeto kwa sabata ndi ya Lachisanu, ndipo palibe choyembekezera mpaka Lolemba. Amayi sagwira za malonda pa Sabata, ndiye ndalama yofika Lachisanu madzulo inkagona mpaka Lamulungu, tsiku limene masitolo ena akuluakulu a ku boma amakhala otseka. Masiku otsatira malipiro a mwezi, maejenti a kumidzi nthawi zina amakhala alibe ndalama zokwanira kukupatsa K300,000 nthawi imodzi, ndipo ukatapa pang'onopang'ono zodula zimachuluka. Ine ndinkakonda Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, kuti pofika Lachinayi katundu akhale ali m'nyumba.

Tsopano ndili mbali inayi. Mlongo wanga wamkulu ali ku Johannesburg, ndipo ndi amene amandithandiza fizi. Fizi ndi ya gulu lachiwiri: imalengezedwa m'makwacha ndipo ili ndi tsiku lomaliza. Chimene ife olandira tingachite n'kumuuza wotumiza msanga ndalama yeniyeni ndi tsiku lenileni, kuti akhale ndi mpata wosankha, m'malo momuimbira usiku woti mawa ndi mayeso. Ndalama ikafika, ilipiridwe tsiku lomwelo ndipo lisiti litumizidwe kwa mwini thukuta. Ngati ndi ya laputopu, ya mabuku ochokera kunja kapena ya feteleza wa kumudzi, funsani mtengo kaye, ndipo isagone. Ndipo m'bale wanu akakufunsani kuti dola ili pa bwanji kumeneko, muuzeni nambala ya kubanki, kenako muwonjezere mtengo wa thumba la feteleza, wa lita ya mafuta ophikira ndi wa ndowa ya chimanga pamsika wa Lizulu sabata imeneyo. Nambala zitatu zomalizazo ndi zimene iye sangazipeze pafoni yake.